Adiresi ya pa kalata ya koleji ikusiyana ndi ya pa mapu: muyambire pati?

Vuto ili limandipeza chaka ndi chaka, nyengo imene makoleji akunja amatumiza makalata olandira ophunzira atsopano. Munthu walandira kalata yooneka bwino, ili ndi chizindikiro cha sukulu, chidindo ndi siginecha, ndipo m'munsi mwake alembamo kuti ndalama zoyamba zilipiridwe masiku khumi asanathe. Akalemba adiresi ya pa kalatayo mu Google Maps, zimene zikutuluka ndi nyumba ya maofesi, kapena mzere wa masitolo, kapena msewu wopanda chilichonse chofanana ndi sukulu. Mwini kalatayo ali kutsidya kwa nyanja, sangapite kukadzionera yekha. Ndiye amafunsa kuti, kodi awa ndi akuba, kapena mapu ndi amene asokonekera?

Zonse ziwirizi zimachitika, n'chifukwa chake mapu paokha sangakuyankheni. Chimene ndimauza aliyense tisanayambe kufufuza n'chakuti kalata singadzichitire umboni yokha. Nambala ya foni imene ili pa kalatayo, imelo, linki, ngakhale kachidindo kamadontho kojambula ndi foni, zonsezi anaziikapo ndi munthu yemweyo amene mukumukayikira. Mukaimba nambalayo n'kufunsa ngati sukulu ilipodi, woyankha adzavomera mwaulemu kwambiri, ndipo inu mudzakhala simunadziwe kanthu katsopano. Umboni uyenera kuchokera njira ina, imene wotumiza kalatayo sangaifikire.

Ndifotokoza za kalata imodzi imene ndinaifufuza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, chifukwa munali pafupifupi zonse zimene munthu ayenera kuyang'ana.

Mwana wa mchemwali wanga ankafuna kukaphunzira za makompyuta ku Canada. Anapeza ajenti pa intaneti, anamutumizira masatifiketi ndi chithunzi cha pasipoti, ndipo patangotha masiku asanu ndi limodzi kalata inabwera. Inali ndi dzina la koleji ina ya m'chigawo cha Alberta. Ankafuna madola a ku Canada 4,000 monga ndalama zosungira malo. Mnyamatayo anandiimbira usiku ali wosangalala, koma mawu ake anali ndi kankhawa.

"Malume, anditenga. Koma ndikayang'ana adiresi pa mapu ikundionetsa malo ena ake, pansi pali shopu yogulitsa mafoni."

Ndinamuuza kuti asalipire, asamuuzenso ajentiyo kuti tikufufuza, angonditumizira kalatayo ndi imelo imene inabwera nayo.

Yambani ndi kaundula wa boma, osati webusaiti ya sukulu

Mayiko amene amalandira ophunzira ambiri akunja ali ndi ndandanda ya sukulu zololedwa kutero, ndipo ndandandayo imasungidwa ndi boma. Ku Canada imatchedwa Designated Learning Institutions list, ili pa canada.ca, ndipo sukulu iliyonse ili ndi nambala yake yoyamba ndi chilembo O. Ku America pitani pa studyinthestates.dhs.gov, pagawo la School Search, pomwe pali sukulu zololedwa kupereka fomu ya I-20 imene imafunika popempha viza ya ophunzira. Ku Britain boma limatulutsa Register of licensed sponsors ya ophunzira pa gov.uk, ndipo sukulu yomwe mulibemo singakupatseni nambala ya CAS imene imafunika popempha viza. Ku Australia kuli kaundula wotchedwa CRICOS, pomwe mumatha kuona sukulu, maphunziro aliwonse paokha, komanso malo amene amaphunzitsira. Ku South Africa, dipatimenti yoona za maphunziro apamwamba imasindikiza kaundula wa makoleji omwe si aboma. Adiresi za mawebusaiti amenewa muzilembe nokha ndi zala zanu. Musadutsire pa linki imene wina wakutumizirani, pakuti tsamba la boma nalonso amatha kulikopera.

Apa m'pamene anthu ambiri amalekera panjira. Akaona dzina la koleji pa ndandanda, mtima umakhala pansi, n'kutseka tsambalo. Koma akuba ochenjera masiku ano sapeka dzina la sukulu. Kupeka dzina n'kodzivutitsa, ndipo kumagwidwa msanga. Amatenga dzina la sukulu yeniyeni, chizindikiro chake chenicheni, nambala yake yeniyeni ya m'kaundula, n'kusintha zinthu zitatu zokha: adiresi, imelo ndi akaunti ya ku banki. Choncho chimene mukufuna m'kaundula si dzina lokha. Mukufuna kuona mzinda ndi makampasi amene alembedwa pansi pa dzinalo, n'kuyerekeza ndi kalata yanu mzere ndi mzere.

Kwa mnyamata uja, dzina linalimo, nambala yoyamba ndi O inali yolondola mpaka manambala omaliza. Makampasi olembedwa anali awiri, onse ku Alberta. Adiresi ya pa kalata sinali pakati pa awiriwo.

Samalaninso ndi mayina ofanana. Kusiyana kwa liwu limodzi, monga College ndi Institute, kapena kungosintha dongosolo la mawu, kungatanthauze sukulu ziwiri zosiyana kotheratu, ina yodziwika, ina yongotsamira pa mbiri ya inzake. Ngati dziko limene mukupita lilibe kaundula wosavuta kumupeza, pali ndandanda ya mayunivesite a padziko lonse pa whed.net, yosungidwa ndi International Association of Universities mogwirizana ndi UNESCO. Imathandiza pa mayunivesite opereka madigiri, koma makoleji ang'onoang'ono ambiri abwinobwino mulibemo, ndiye kusowa kwa dzina m'menemo si umboni wa chinyengo.

Adiresi imalankhula yokha mukaiwerenga bwino

Musanatsegule n'komwe mapu, iwerengeni adiresiyo pang'onopang'ono. Nambala ya positi iyenera kugwirizana ndi mzinda ndi chigawo. Ku Canada nambalayi imayamba ndi chilembo, ndipo chilembocho chimasonyeza dera: T ndi Alberta, V ndi British Columbia, M ndi mzinda wa Toronto, L ndi madera ozungulira Toronto m'chigawo cha Ontario. Kalata ya mnyamata uja inkanena za koleji ya ku Alberta, koma nambala ya positi inayamba ndi L. Foni nayo inayamba ndi 905, yomwe ndi ya kufupi ndi Toronto, pomwe manambala odziwika a ku Alberta ndi 403 ndi 780. Pakati pa malo awiriwa pali mtunda wopitirira makilomita 2,500.

Mabungwe a positi ali ndi masamba ofufuzira zimenezi kwaulere: Canada Post, USPS ku America, Royal Mail ku Britain. Mukalemba msewu ndi nambala ya nyumba, amakuuzani ngati adiresiyo ilipo komanso nambala yake ya positi. Akakana kuti kulibe adiresi yotero, yesaninso kalembedwe kena, chifukwa chilembo chimodzi chimasokoneza. Akakanabe, chimenecho ndi chizindikiro cholemera.

Chinanso ndi timawu monga Suite, Unit kapena Office totsatana ndi nambala. Timasonyeza chipinda m'nyumba yokhalamo makampani ambiri. Pa kalata yathu panali Suite 204. Sindikunena kuti sukulu iliyonse ya m'chipinda chotere ndi yabodza. Alipo makoleji ang'onoang'ono olembetsedwa bwino, ophunzitsa zilankhulo kapena ntchito zamanja, amene amachita lendi nsanjika imodzi m'kati mwa mzinda. Chimene muyenera kufunsa n'chakuti kodi malowo akukwanira zimene sukuluyo ikudzinenera. Sukulu yonena kuti ili ndi ophunzira zikwi zingapo, malabotale, mabwalo a masewero ndi nyumba zogona, singakwane m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu.

Yesaninso kulemba adiresi yonse mu Google, mutaitsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa, popanda dzina la sukulu. Zikatuluka kuti makampani makumi angapo osagwirizana ntchito akugwiritsa ntchito chipinda chomwecho, dziwani kuti ndi malo ochititsa lendi adiresi, kumene amangolandirira anthu makalata. Ife tinapezapo kampani yotumiza katundu, ina yowerengera anthu misonkho, ndi ina yoona za maulendo, zonse pa Suite 204.

Mapu: chimene angakuuzeni ndi chimene sangathe

Kachizindikiro kofiira ka pa Google Maps kokhala ndi dzina la sukulu musakakhulupirire kwambiri. Anthu wamba amatha kuwonjezera malo pa mapu, ndipo zithunzi ndi ndemanga zoyamikira amathanso kuziika okha. Chovuta kunamiza ndi zithunzi za Street View, zojambulidwa ndi galimoto yodutsa mumsewu, komanso zithunzi za m'mwamba. Lowani mu Street View, imani kutsogolo kwa nyumbayo, muyang'ane chikwangwani. Tembenukani muone mbali zonse. Sukulu yamoyo imaoneka ndi zinthu zing'onozing'ono: zikwangwani zolozera ku laibulale kapena ku ofesi yolembetsa, poimika njinga, pokwerera basi potchedwa dzina la sukuluyo, achinyamata onyamula zikwama.

Pakona ya chithunzicho pamalembedwa mwezi ndi chaka chimene anajambula, ndipo m'mizinda yambiri mutha kubwerera m'mbuyo kuona zithunzi za zaka zapitazo. Izi n'zothandiza mbali ziwiri. Ngati chithunzi n'cha zaka zisanu zapitazo ndipo sukulu inasamukira kumeneko chaka chatha, kusowa kwa chikwangwani kulibe tanthauzo. Koma ngati sukulu ikuti yakhala pamalopo zaka makumi awiri, pomwe zithunzi za zaka zosiyanasiyana zikuonetsa masitolo akusinthanasinthana popanda chikwangwani cha sukulu ngakhale kamodzi, mwapeza bodza. Ndi mmene zinalili pa nyumba ya kalata yathu.

M'mayiko ena galimoto yojambulayo sinafike m'misewu yambiri. Kumeneko dalirani zithunzi za m'mwamba, ndipo yerekezani ndi mapu ena monga OpenStreetMap kapena Bing Maps. Zithunzi zokongola za kampasi zimene zili pa webusaiti ya sukulu mukhozanso kuzifufuza ndi Google Lens kuti muone kumene zinachokera. Nthawi zina mumapeza kuti nyumba yanjerwa zofiira yokhala ndi kapinga ija ndi ya yunivesite ina, m'dziko lina.

Pamene kusiyana kwa adiresi kulibe mlandu

Sindifuna kuti mutaye mwayi weniweni chifukwa cha mantha, choncho ndinene zifukwa zimene adiresi ya sukulu yoona imasiyanirana ndi ya pa mapu. Sukulu zambiri zili ndi makampasi angapo, ndipo kalata imatuluka ku likulu pomwe inu mukaphunzira kwina. Zina zimalemba bokosi la positi pa makalata. Makoleji omwe si aboma amakhala ndi adiresi yolembetsera kampani, imene nthawi zambiri ndi ofesi ya maloya kapena owerengera ndalama awo, ndipo ku Britain mukaifufuza pa Companies House, kaundula wa boma wa makampani, mumaipeza yosiyana ndi kumene kuli makalasi. Mayunivesite ena ali ndi timaofesi tolembera ophunzira m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi sukulu.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: adiresi yachiwiri yoona imapezeka penapake pa webusaiti yeniyeni ya sukulu kapena m'kaundula wa boma. Ikakhala kuti ikupezeka pa kalata yanu yokha, kapena pa tsamba la ajenti lokha, musaivomere.

Pali mtundu wina wa kusiyana umene si kuba, koma ungakupwetekeni ndithu. Koleji ya boma imatha kugwirizana ndi kampani yapadera kuti iziphunzitsa maphunziro ake mumzinda wina. Satifiketi imatuluka ndi dzina la koleji ya boma, koma makalasi amachitikira kwa kampaniyo. Mu 2024 boma la Canada linasintha lamulo, moti ophunzira atsopano a m'mapulogalamu otere saloledwanso kulandira chilolezo chogwira ntchito akamaliza maphunziro. Apa adiresi ndi yoona, kalata ndi yoona, koma chimene mukugula si chimene mukuganiza. Funsani mwachindunji kuti makalasi anu adzachitikira m'nyumba iti, ndipo ndani akuyendetsa nyumbayo.

Imelo ndi webusaiti

Tsopano yang'anani kumene kalata inachokera. Dzina limene limaoneka pamwamba pa imelo aliyense angalembe limene akufuna. Dinani padzinapo kuti muone adiresi yonse, ndipo muwerenge zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Webusaiti yeniyeni ya koleji ija inali ya mtundu wa `dzinalakoleji.ca`, pomwe imelo inachokera ku `dzinalakoleji-admissions.com`. Kamzere kamodzi ndi liwu limodzi lowonjezera, basi, koma eni ake ndi anthu ena. Onaninso ngati mukadina poyankha, imelo ikupita ku adiresi ina yosiyana ndi imene yatumiza. Koleji yeniyeni sikutumizirani kalata yokulandirani kuchokera pa Gmail kapena Yahoo.

Dzina lililonse la webusaiti lili ndi tsiku limene linalembetsedwa, ndipo aliyense atha kuliona. Pitani pa lookup.icann.org n'kulemba dzinalo, kapena ngati muli ndi kompyuta ya Linux kapena Mac, lembani:

```
whois dzinalakoleji-admissions.com
```

Fufuzani mzere wolembedwa Creation Date kapena Created. Lathu linali ndi miyezi inayi yokha, pomwe pansi pa kalata analemba kuti sukuluyo yakhala ikuphunzitsa kwa zaka zopitirira makumi anayi. Pa web.archive.org mutha kuonanso mmene webusaiti inkaonekera zaka zapitazo. Ya koleji yeniyeni inali ndi zithunzi za zaka zambiri m'mbuyo, inayo inalibe n'chimodzi chomwe.

Mathero a dzina amathandiza koma ali ndi malire. Kuyambira mu 2001, dzina lothera ndi .edu limaperekedwa kwa sukulu za ku America zovomerezedwa ndi mabungwe oyendera maphunziro amene boma limawazindikira, koma amene analitenga chaka chimenecho chisanafike analoledwa kulisunga. Ku Britain mayunivesite amagwiritsa ntchito .ac.uk, ku Australia .edu.au, ku South Africa .ac.za, ndipo awa sagulidwa mwachisawawa. Ku Canada kulibe mathero apadera a sukulu, ambiri amangothera ndi .ca. Chenjerani ndi mayina oika edu pakati, monga `dzina-edu.com` kapena `dzina.edu.org`. Chofunika ndi chimene chili kumapeto kwenikweni. Ndipo kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi ya webusaiti sikanena kuti eni ake ndi okhulupirika, kamangotanthauza kuti uthenga wanu sukuwerengedwa panjira.

Funsani sukulu yeniyeniyo

Zonse ndafotokozazi zimangokupatsani chikayiko. Yankho lomaliza lili ndi ofesi yolembetsa ophunzira akunja. Tengani imelo ndi foni yawo pa webusaiti imene mwaipeza kudzera m'kaundula wa boma, muwalembere mwachidule, mutaphatikiza kalata yonse. Funsani zinthu zinayi: ngati dzina lanu ndi nambala ya wophunzira imene ili pa kalata zili m'mabuku awo, ngati adiresiyo ndi yawo, ngati ajentiyo ali pa ndandanda ya amene amagwira nawo ntchito, komanso njira yawo yolandirira ndalama. Mukafuna kuimba, werengerani kusiyana kwa nthawi kuti mupeze ofesi yotsegula. Lembani nokha, kuchokera pa imelo yanu. Ajenti wokana kuti mulankhule ndi sukulu, kapena wosunga yekha mawu achinsinsi olowera pa akaunti yanu yofunsira malo, ameneyo musiyeni ngakhale zina zonse zioneke bwino.

Koleji ija inayankha patapita masiku atatu. Dzina la mnyamatayo munalibe m'mabuku awo, nambala ya wophunzira ya pa kalata inali ndi manambala ochepa kuyerekeza ndi zawo, ndipo analibe ofesi ku Ontario. Titabwerera ku pepala la malipiro tinaona chimene tikanayenera kuona poyamba penipeni: dzina la mwini akaunti silinali la koleji, linali la kampani ina yokhala ndi liwu loti Consulting. Sukulu zoona zimalandira ndalama mu akaunti ya dzina lawo, kapena kudzera m'makampani olipirira monga Flywire ndi Convera, ndipo linki yake mumaipeza pa webusaiti ya sukulu mutalowa nokha. Sizipempha kuti mutumize ndalama kwa munthu, kapena mugule ndalama za pa intaneti, kapena mulipire lero lomwe kuti malo asapite kwa wina.

Masiku atatu amenewo ajentiyo anaimba kasanu ndi kawiri. Ananena kuti malo atsala awiri, kenako anatsitsa ndalama kufika theka. Sukulu yoona ili ndi tsiku lomaliza lolembedwa poyera, ndipo sitsitsa mtengo pa foni chifukwa mwachedwa kuyankha.

Pamene zonse zikugwirizana koma pali vutobe

Ndiyenera kunena malire a njira zimenezi, chifukwa pali nkhani ziwiri zodziwika zimene zimandichititsa kusadalira ndandanda yokha.

Mu Januwale 2019 zinaululika kuti University of Farmington, ku Farmington Hills m'chigawo cha Michigan, inali sukulu yabodza imene akuluakulu oona za olowa m'dziko la America anaikhazikitsa okha ngati msampha. Inali ndi adiresi yeniyeni m'nyumba ya maofesi, inali ndi webusaiti, ndipo inkaoneka pa ndandanda ya sukulu zololedwa kulandira ophunzira akunja. Chimene inalibe ndi makalasi ndi aphunzitsi. Anthu mazana angapo, ambiri ochokera ku India, analembetsa, ndipo ambiri anamangidwa kapena kubwezedwa kwawo. Msampha wofanana nawo, University of Northern New Jersey, unali utaululika kale mu 2016. Kaya wina aganiza zotani za njira imeneyo, kwa wofunsira malo nkhaniyi ikuonetsa kuti pamwamba pa adiresi muyenera kufufuzanso ngati kumeneko kumaphunzitsidwadi. Pemphani ndandanda ya nthawi za makalasi ndi zipinda zake. Onani mayina a aphunzitsi, muwafufuze ngati amadziwika kwina kulikonse kupatula pa webusaiti ya sukuluyo. Pezani nokha wophunzira mmodzi kapena awiri amene ali kumeneko, osati amene ajenti wakusankhirani. Ndipo sukulu ikakulonjezani kuti simudzafunika kulowa m'kalasi, mudzangogwira ntchito, thawani.

Nkhani yachiwiri ndi ya mu 2023, pamene ophunzira ambiri ochokera ku India anauzidwa kuti achoke ku Canada chifukwa makalata amene anapezera viza anali achinyengo. Makoleji otchulidwa pa makalatawo anali enieni, maadiresi analinso enieni. Ambiri anafotokoza kuti atafika, ajenti anawauza kuti malo adzaza, alowe koleji ina, ndipo chinyengocho chinadziwika patapita zaka, pamene ankapempha chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Kuyambira pa 1 Disembala 2023, boma la Canada limafunsa sukulu iliyonse kuti itsimikizire kalata ya wopempha viza. Ichi n'chifukwa chake ngakhale adiresi igwirizane bwinobwino ndi mapu ndi kaundula, imelo yopita ku ofesi yolembetsa ija musaidumphe. Kupeza viza nakonso si umboni woti kalata inali yoona.

Ngati mwalipira kale

Pitani ku banki yanu tsiku lomwelo, muwauze kuti mwaberedwa, muwapemphe atumize uthenga woitanitsa ndalamazo ku banki imene yalandira. Si nthawi zonse zimabwerera, ndipo mwayi umachepa ola lililonse, chifukwa akuba amazichotsa msanga. Ngati munalipira ndi khadi, funsani njira yotsutsira malipirowo. Sungani chilichonse: maimelo athunthu, mauthenga a pa foni, malisiti, manambala amene ankaimbira. Kanenani ku polisi kuti mukhale ndi lipoti, ndipo dziwitsani sukulu imene dzina lake labedwa, pakuti ndi imene ili ndi mphamvu zokadandaula kuti webusaiti yabodzayo itsekedwe.

Kalatayo musaipereke ku ofesi ya kazembe poganiza kuti mwina idutsa. Ku Canada, kupereka chikalata chabodza kungakuletseni kulowa m'dzikolo kwa zaka zisanu, ku Britain mpaka zaka khumi, ndipo kunena kuti simunadziwe sikukupulumutsani nthawi zonse. Ngati mwaipereka kale, funsani loya wovomerezeka wa nkhani za viza za mmene mungabwezere pempholo.

Yembekezeraninso kuti pakapita masabata angapo wina adzakulemberani, akudzitcha loya kapena wapolisi, kuti angathe kukubwezerani ndalama mukalipira kangachepe. Nthawi zambiri amakhala anthu omwewo kapena anzawo amene anagula dzina lanu.

Mwana wa mchemwali wanga ndalama sanataye, koma chithunzi cha pasipoti yake ndi masatifiketi zinatsala m'manja mwa anthu aja, ndipo zimenezo sitingazibweze. Anasintha mawu achinsinsi a imelo yake, anakanena ku polisi kuti pakhale umboni ngati wina atagwiritsa ntchito dzina lake, ndipo anafunsira malo mwatsopano pa webusaiti ya koleji yeniyeni ija, yekha, popanda ajenti. Yankho linatenga masabata asanu ndi awiri, ndipo nambala ya positi ya pa kalata yatsopanoyo inayamba ndi T.